Kunjenjemera pambuyo pa chakudya kwa munthu amene alibe matenda a shuga

"Adokotala, ndine mayi wa zaka 34 ndipo ndilibe matenda a shuga. Kwa miyezi isanu tsopano, pakangotha maola awiri kapena atatu nditadya m'mawa, ndimayamba kunjenjemera, thukuta limatuluka, mtima umathamanga ndipo njala imandigwira ngati sindinalawe kanthu. Ndikamwa chotsekemera ndimapeza bwino. Tsiku lina ndinadziyeza ndi kamakina ka amayi anga, amene amadwala shuga, ndipo kanasonyeza 3.6. Kuchipatala anandiyeza m'mawa ndisanadye n'kundiuza kuti zonse zili bwino. Kodi shuga angatsike mwa munthu wopanda matendawa? Nanga angandiyeze bwanji kuti zoona zake zidziwike?"

Inde mayi, shuga angathe kutsika mwa munthu amene sadwala matenda a shuga, koma zimenezi sizichitikachitika monga mmene anthu ambiri amaganizira. Ambiri mwa amene amabwera ndi dandaulo lofanana ndi lanu, tikawayeza bwinobwino pa nthawi imene akunjenjemerayo, timapeza kuti shuga wawo sanatsike kufika pa mlingo wotchedwa matenda. Sindikunena kuti zimene mukumvazo n'zongoganizira, ayi. Ndikunena kuti kunjenjemera ndi kuthamanga kwa mtima ndi ntchito ya homoni yotchedwa adirenalini, ndipo thupi limatulutsa homoni imeneyi pa zifukwa zambiri, kutsika kwa shuga kungokhala chimodzi mwa izo. Choncho ntchito yonse ya dokotala pa nkhaniyi imagona pa chinthu chimodzi, chomwe ndi kupeza magazi anu pa nthawi yeniyeni imene vutolo likuchitika. Magazi a m'mawa musanadye, amene anakuyezani aja, anayankha funso lina, lakuti kodi shuga wanu ndi wokwera kapena ayi, ndipo sakanatha kuona zimene zimachitika maola atatu chakudya chitalowa m'mimba.

Kuti mumvetse chifukwa chake madokotala sathamangira kuvomereza, muyenera kudziwa mmene thupi labwinobwino limadzitetezera. Ubongo umadalira shuga wa m'magazi mphindi iliyonse ndipo sutha kusunga wochuluka, moti thupi linaika alonda angapo panjira. Shuga akamatsika n'kufika cha m'ma 4.5 mmol/L, kapamba, chiwalo chogona kuseri kwa chifu chimene chimapanga insulini, homoni yotsitsa shuga m'magazi, amachepetsa insulini imene akutulutsa. Akafika cha m'ma 3.8, thupi limatulutsa gulukagoni ndi adirenalini, zomwe zimauza chiwindi kuti chimasule shuga amene chinasunga. Munthu amayamba kumva zizindikiro cha m'ma 3.0, ndipo shuga akapitirira kutsika kufika pansi pa 2.8 ndi pamene ubongo weniweniwo umayamba kusokonezeka. Kuti munthu wosamwa mankhwala a shuga afike pansi chotero, ndiye kuti china chake chagonjetsa alonda onsewa, ndipo chinthu chimenecho n'chimene timafufuza.

Pa chifukwa chomwechi timagawa zizindikiro pawiri, ndipo kugawa kumeneku kuli ndi ntchito yaikulu. Zimene mwatchulazo ndi za gulu loyamba, zochenjeza, zobwera chifukwa thupi ladzidzimuka. Za gulu lachiwiri zimasonyeza kuti ubongo wayamba kuperewera chakudya: munthu amasokonezeka mutu, amaona zinthu ziwiriziwiri kapena chidima m'maso, lilime limalemera, amachita zinthu zachilendo zimene pambuyo pake sazikumbukira, mwina amakomoka kapena kugwa ngati wakhunyu. Wodwala akandiuza za kunjenjemera kokha, ndimamvetsera modekha. Koma mkazi wake kapena mnzake wa kuntchito akandiuza kuti tsiku lina anangoti duu, maso ali tong'o, osayankha mpaka atamumwetsa chotsekemera, nkhaniyo ndimaiona mwa mtundu wina. M'kalata yanu simunatchule chilichonse cha gulu lachiwirili, ndipo zimenezo n'zolimbitsa mtima.

Muyeso umene timatsatira unachokera kwa dokotala wa opaleshoni wa ku America, Allen Whipple, amene mu 1938 anafotokoza zinthu zitatu zoyenera kupezeka pamodzi. Munthu akhale ndi zizindikiro zogwirizana ndi kutsika kwa shuga, shuga wake apezeke kuti ndi wotsikadi pa nthawi ya zizindikirozo, ndipo zizindikirozo zithe shuga akakwezedwa. Kwa munthu wopanda matenda a shuga, mlingo umene umatichititsa kufufuza mozama ndi wochepera 3.0 mmol/L, womwe ndi 55 mg/dL pa makina owerenga mwa njira inayo, ndipo uyenera kuchokera ku magazi a mumtsempha oyezedwa ku labotale. Mlingo wa 3.9 umene mwina munaumva kwa amayi anu ndi wochenjeza anthu amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga, kuti achitepo kanthu zinthu zisanafike poipa. Suli malire a matenda kwa munthu ngati inu, ndipo anthu athanzi, makamaka amayi achitsikana, amatha kutsika pansi pa 3.9 popanda vuto lililonse.

Tsono 3.6 wanu uja timuone bwino. Timakina tobaya chala timaloledwa kuphonya ndi pafupifupi 0.8 mmol/L, m'mwamba kapena pansi, pamene shuga ali wochepera 5.5. Ndiye kuti shuga wanu weniweni tsiku limenelo akanatha kukhala 2.8, zomwe zikanafuna kufufuzidwa, kapena 4.4, zomwe n'zabwinobwino. Nambala imeneyi sikutsimikiza ndipo sikutsutsa. Timakina tomata pakhungu, timene timawerenga shuga usana ndi usiku, nato timaphonya kwambiri shuga akakhala pansi, ndipo munthu akagonera dzanja limene pali kamakinako, kamatha kusonyeza kuti shuga watsika pamene sanatsike. Ngakhale magazi a mumtsempha amanamiza akasungidwa molakwika, chifukwa maselo a magazi amapitiriza kudya shuga ali m'botolo momwemo, pafupifupi 5 mpaka 7 pa 100 iliyonse pa ola. N'chifukwa chake magazi oyezera shuga amaikidwa m'kabotolo kokhala ndi fulorayidi, kamene kawirikawiri kamakhala ndi chotsekera chotuwa, n'kutumizidwa ku labotale mwamsanga. Mbali yachitatu ya Whipple, yoti mumapeza bwino mukamwa chotsekemera, ndiyo yofooka kwambiri ikaima payokha, popeza kukhala pansi, kupuma pang'ono ndi kumwa kanthu kumakhazika mtima pansi ngakhale vuto litachokera kwina.

Kutsika kwa shuga kwa pambuyo pa chakudya, komwe kumachitika mkati mwa maola anayi kapena asanu munthu atadya, si dzina la matenda amodzi. Mawuwa akungotiuza nthawi imene vutolo limabwera. Chimene chimachitika n'chakuti chakudya chosachedwa kusanduka shuga, monga chakumwa chotsekemera kapena buledi woyera, chimakweza shuga mofulumira, kapamba amayankha ndi insulini yambiri, ndipo insuliniyo imapitiriza kugwira ntchito pamene shuga wa m'matumbo watha kale kulowa m'magazi. Zimenezi zimaoneka bwino kwambiri mwa anthu amene anachitidwa opaleshoni ya chifu, kaya yochepetsa kunenepa, yochotsa chotupa kapena ya zilonda za m'mimba. Mwa iwo chakudya chimagwera m'matumbo nthawi imodzi, matumbo amatulutsa homoni yotchedwa GLP-1 yochuluka, imene imakankha kapamba kuti atulutse insulini yopitirira muyeso, ndipo pakatha ola limodzi mpaka atatu shuga amagwa zenizeni. Vutoli limatha kuyamba patapita miyezi yambiri kapena zaka opaleshoni itachitika, moti wodwala saganiza n'komwe zoitchula ngati sanafunsidwe.

Pali gulu lina limene likukhudza inuyo chifukwa cha amayi anu. Mwa anthu ena amene matenda a shuga a mtundu wachiwiri akungoyamba kumene, insulini imachedwa kutuluka chakudya chikalowa, kenaka imatuluka yambiri nthawi itapita, ndipo shuga amene anakwera poyamba amatsika kwambiri pakatha maola atatu mpaka asanu. Mwa anthu otere shuga wa m'mawa amatha kukhala wabwinobwino, ndipo ndikanakonda kuti ayezenso HbA1c, yomwe imasonyeza mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Zina n'zosowa kwambiri, monga matenda amene anafotokozedwa koyamba ku Japan mu 1970 ndi dokotala wina dzina lake Hirata, pamene chitetezo cha m'thupi chimagwira insulini n'kudzaimasula pa nthawi yolakwika. Gulu lalikulu kuposa onse ndi la anthu amene zizindikiro ali nazo ndithu pambuyo pa chakudya koma shuga wawo satsika pansi pa 3.0.

Dokotala asanatenge magazi alionse, amayamba ndi mafunso, ndipo nthawi zambiri yankho limapezeka pomwepo. Funso loyamba ndi lakuti kodi munthuyu akuoneka wodwala kapena wathanzi, chifukwa matenda aakulu a chiwindi, a impso, a mtima, malungo aakulu, matenda olowa m'magazi, kusowa chakudya m'thupi ndiponso kuchepa kwa homoni ya kotizolo zonse zimatsitsa shuga, koma odwala oterowo amakhala ndi zizindikiro zina zoonekeratu. Kenaka pamabwera mankhwala. Kwinini amachititsa kapamba kutulutsa insulini, ndipo mankhwala ena opha mabakiteriya a gulu la sipulofulokisasini komanso tiramado, wothetsa ululu, amadziwika kuti nthawi zina amatsitsa shuga. Mowa, makamaka womwa m'mimba mulibe kanthu, umaletsa chiwindi kupanga shuga watsopano. Ndimafunsanso nthawi zonse ngati m'nyumbamo muli munthu womwa mapiritsi a shuga monga gilibenikilamaidi, chifukwa mapiritsi oyera ang'onoang'ono amafanana, ndipo kusokoneza mabotolo kumachitika ngakhale kwa anthu osamala. Mankhwala ena ogulitsidwa ngati azitsamba kapena opatsa mphamvu apezekapo atasakanizidwa mobisa ndi mankhwala otsitsa shuga, choncho mukamapita kwa dokotala mutenge chilichonse chimene mumamwa.

Ngati mafunso sanathetse nkhani, timayesa kuyambitsa vutolo dala pamaso pathu. Kale madokotala ankamwetsa munthu magalamu 75 a gulukosi n'kumuyeza kwa maola asanu, ndipo anthu ambirimbiri anapatsidwa dzina la matenda amene analibe. Cholakwika chake n'chakuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 alionse athanzi, akamwa shuga wosasakaniza ndi kanthu chotero, amatsika pansi pa 2.8 popanda kumva chilichonse. Kuyeza kumeneku n'kothandiza pofufuza matenda a shuga, koma pofufuza kutsika kwa shuga n'kosocheretsa, ndipo wina akakuuzani kuti muchite kumeneku pa vuto lanuli, muli ndi chifukwa chabwino chofunsira. Chimene chimagwiritsidwa ntchito masiku ano ndi kuyeza ndi chakudya chenicheni. Mumabwera m'mawa musanadye, amakuikani kanyula mumtsempha, mumadya chakudya chofanana ndi chimene chimakuyambitsirani vuto, ndipo amatenga magazi musanadye kenaka mphindi 30 zilizonse kwa maola asanu. Zizindikiro zikayamba mumanena, namwino amalemba nthawi yake ndi kutenga magazi pomwepo asanakupatseni chilichonse.

Tiyerekeze anthu awiri amene akuyezedwa tsiku limodzi. Woyamba ndi mayi wa msinkhu wanu, wa dandaulo ngati lanu. Asanadye shuga ali 4.9, pa mphindi 60 wakwera kufika 7.8, pa mphindi 150 mayiyo akuti manja ayamba kunjenjemera ndipo chipumi chanyowa, magazi otengedwa nthawi yomweyo akusonyeza 4.1, ndipo wotsikitsitsa tsiku lonselo ndi 3.8 pa mphindi 210, pamene iye akuti akumva bwino. Apa zizindikiro ndi manambala sizikuyendera limodzi, ndipo palibe chifukwa chomuvutitsira ndi masikani a kapamba. Dokotala amatembenukira ku zinthu zina zotulutsa adirenalini kapena zofanana nayo, monga chithokomiro chogwira ntchito mopitirira, kuchepa kwa magazi, kutsika kwa kuthamanga kwa magazi pambuyo pa chakudya, kugunda kwa mtima kosalongosoka, khofi wambiri, ndi nkhawa yobwera mwadzidzidzi.

Wachiwiri ndi bambo wa zaka 45 amene anachitidwa opaleshoni ya chifu zaka ziwiri zapitazo. Asanadye shuga ali 4.7, pa mphindi 30 wadumphira pa 11.5, ndipo pa mphindi 120 bamboyo akulephera kuwerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 100, mawu akutuluka mokoka, shuga ali 2.5. Magazi a nthawi imeneyi ndiwo amtengo wapatali, ndipo pa iwo timayeza zinthu zingapo nthawi imodzi. Choyamba ndi insulini. Munthu wathanzi shuga akakhala pansi pa 3.0 insulini yake iyenera kukhala itazimiratu, choncho ikapezeka pa 3 µU/mL kapena kuposa, imakhala yochuluka molakwika ngakhale papepala la zotsatira nambalayo itaoneka ngati ili pa mlingo wabwino. Chachiwiri ndi chimene papepalapo chimalembedwa kuti C-peptide, kachidutswa kamene kapamba amatulutsa limodzi ndi insulini iliyonse imene wapanga, ndipo malire ake ndi 0.2 nmol/L. Insulini ya m'botolo ilibe kachidutswa kameneka. Ndiye insulini ikakhala yokwera koma C-peptide ili pansi, timadziwa kuti insuliniyo inachita kubayidwa, pomwe zonse ziwiri zikakwera, yachokera m'thupi momwemo. Koma mapiritsi a gulu la gilibenikilamaidi amakwezanso zonse ziwiri, mofanana ndendende ndi chotupa cha m'kapamba chotulutsa insulini, n'chifukwa chake magazi omwewo amayezedwanso ngati muli mankhwalawa. Kudumpha sitepe imeneyi kwachititsapo kuti anthu ang'ambidwe pamimba kufunafuna chotupa chimene kulibe. Mwa bambo wathuyu insulini ili 16, C-peptide ili 1.1, mankhwala sanapezeke, ndipo atamwa gulukosi mutu wake unayera pasanathe mphindi 15. Zitatu za Whipple zakwanira, ndipo opaleshoni ija ikufotokoza nkhani yonse. Ndiwonjezere kuti malire a insulini ndatchulawa anakhazikitsidwa poyeza anthu osadya, moti pambuyo pa chakudya amawerengedwa mosamala, pamodzi ndi mbiri ya wodwalayo.

Chotupa chimene ndakhala ndikutchulachi ndi insulinoma, kachotupa ka m'kapamba kotulutsa insulini mosalabadira kuti shuga ali pati. Chimapezeka mwa anthu pafupifupi 4 pa miliyoni imodzi pa chaka, pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse si khansa, ndipo zambiri n'zochepera masentimita awiri. Kawirikawiri chimatsitsa shuga munthu akakhala nthawi osadya, m'mbandakucha, akadumpha chakudya kapena akagwira ntchito yolemetsa, ngakhale kuti mwa odwala ochepa vuto limaoneka pambuyo pa chakudya pokha. Ambiri amanenepa chifukwa aphunzira okha kudya pafupipafupi, ngakhale pakati pa usiku. Pochifufuza munthu amagonekedwa m'chipatala n'kusala kudya mpaka maola 72, akumwa madzi ndi zakumwa zopanda shuga zokha, akuyendayenda masana. Magazi amatengedwa maola asanu ndi limodzi alionse, ndipo shuga akatsika pansi pa 3.3 amatengedwa ola lililonse kapena awiri. Kusalako kumathetsedwa zizindikiro zikabwera shuga ali pansi, ndipo ambiri a insulinoma safika n'komwe tsiku lachitatu, chifukwa pafupifupi awiri mwa atatu shuga wawo amatsika m'maola 24 oyamba ndipo oposa 90 pa 100 m'maola 48. Pamapeto amayezanso maketoni, amene thupi limapanga likayamba kuwotcha mafuta. Munthu wathanzi wosala masiku awiri amakhala nawo ambiri, koma insulini imatsekereza kupangidwa kwawo, motero akakhala 2.7 mmol/L kapena kucheperapo, chala chimaloza insulini. Kenaka amabaya miligalamu imodzi ya gulukagoni mumtsempha, ndipo shuga akakwera ndi 1.4 kapena kuposa mkati mwa mphindi 30, ndiye kuti insulini inali itatsekera shuga m'chiwindi. Sikani imabwera pambuyo pa zonsezi, osati poyamba, chifukwa tizotupa tosavulaza timapezeka mwangozi m'kapamba wa anthu ambiri, pomwe insulinoma yeniyeni imatha kubisala. Kusala kumeneku musakuyesere kunyumba.

Poona zimene mwalemba, maganizo anga ndi akuti mwina muli ngati mayi woyamba uja, ndipo poyambira pabwino ndi kabuku. Kwa masabata awiri lembani nthawi imene mwadya, chimene mwadya, nthawi imene zizindikiro zayamba, ndi nambala ya pa kamakina mutasamba m'manja ndi kupukuta bwino, musanamwe chotsekemera chija. Muyezenso pa ola lomwelo masiku amene mukumva bwino, chifukwa mukapeza 3.7 tsiku labwino ndi 4.6 tsiku lonjenjemera, mwaphunzira zambiri. Ngati pali labotale pafupi, pemphani dokotala akulembereni kalata yoti akutengeni magazi a mumtsempha nthawi iliyonse imene mwafika muli ndi zizindikiro.

Pa masabata omwewo sinthani chakudya cha m'mawa. Chotsani zakumwa zotsekemera, chepetsani zakudya za ufa woyera, onjezani zomanga thupi monga mazira kapena nyemba pamodzi ndi ndiwo zamasamba, ndipo mudye kanthu kakang'ono pakatha maola awiri, nthawi ya vuto isanakwane. Chotsekemera chimene mumamwa mukayamba kunjenjemera chimathandiza nthawi yomweyo, koma chikachuluka chimaitana insulini ina n'kuyambitsa vuto lachiwiri masana. Ngati shuga watsikadi, magalamu 15 a shuga, omwe ndi pafupifupi masupuni atatu kapena anayi a tiyi, ndi okwanira, kenaka mudye chakudya chokhalitsa m'mimba. Kwa odwala ochepa amene kusintha kadyedwe sikunawathandize, makamaka a opaleshoni ya chifu, pali mankhwala otchedwa akabozi, omwedwa poyamba kudya, amene amachedwetsa kusanduka kwa chakudya kukhala shuga, ngakhale kuti amadzaza mpweya m'mimba.

Musadikire kuti masabata awiriwo athe ngati kamakina kasonyeza pansi pa 3.0, ngati zizindikiro zayamba kubwera usiku kapena m'mawa musanadye, kapena ngati wina wakuuzani kuti munasokonezeka, munalankhula zosamveka kapena munakomoka. Zikatero pitani kwa dokotala msanga, ndipo musayendetse galimoto kapena kugwira ntchito pamalo okwera mpaka kuyeza kutatha. Muwauzenso apabanja panu kuti munthu wokomoka samwetsedwa kanthu, chifukwa angatsamwe. Amugoneke chammbali ndi kuthamangira naye kuchipatala, ndipo kumeneko apemphe kuti, ngati n'kotheka popanda kuchedwetsa chithandizo, magazi atengedwe dilipi ya gulukosi isanaikidwe.